Fulemu yokwezera matumba ku Luwinga: mayankho awiri, fulemu imodzi

Wongani M.
Akuluakulu, ndithandizeni. Tikukonza fulemu yokwezera matumba a chimanga m'chipinda cham'mwamba pa chigayo china ku Luwinga. Pali bimu yogona ABC, yolowa pa pini kukhoma pa A. Kuchokera pa A kufika pa B ndi 1.2 m, kufika kumapeto pa C ndi 2.0 m. Pansi pa A, mtunda wa 0.9 m, pali pini D, ndipo chitsulo chochirikiza BD chikuchoka pamenepo kukagwira bimu pa B. Pa C pali pule, kuchokera pakati pake kufika pa chingwe ndi 0.1 m. Katundu ndi matumba anayi a 50 kg, tangoti 2 kN. Ine ndajambula FBD ya bimu pamodzi ndi pule, chojambula chosonyeza ndi mivi mphamvu zonse zogwira pamenepo, ndapeza mphamvu ya mu BD = 5.83 kN ndi mphamvu yogona pa A, Ax = 4.67 kN. Mnzanga wapeza 5.56 ndi 2.44. Pa BD tasiyana pang'ono, koma pa A ndiye tatalikirana. Walakwitsa ndani?

Mayi Gondwe
Achimwene, mwatiuza mbali imodzi yokha ya chingwe, yotsikira ku matumba. Mbali inayo ikachoka pa pule ikupita kuti? Winchi yamangidwa pa bimu kapena pena?

Wongani M.
Chingwe chikuchoka pamwamba pa pule, chikuyenda chogona pamwamba pa bimu, chikudutsa pabowo la khoma mpaka pa winchi m'katimo. Winchiyo sikukhudza bimu.

Mayi Gondwe
Ndiye mnzanuyo walondola. Mutazungulira bimu ndi pule kuti muzipatule ku zina zonse, mzere wanu unadula chingwe malo awiri, koma muvi munajambula pamalo amodzi. Paliponse pamene mwadula pamafunika muvi. Chingwe chogonacho chikukoka 2 kN kulowera kukhoma, ndipo chili 0.1 m pamwamba pa mzere wa bimu.

Chosangalatsa n'chakuti 5.83 wanuyo si nambala yongotola. Ndi yankho lolondola la fulemu ina, imene winchi yake yamangidwa pa bimu pomwepo, tikaiwala kulemera kwa winchiyo. Pamenepo chingwe chikukoka pule ndi winchi mofanana, zonse zili m'kati mwa chimene mwazungulira, ndiye sichioneka pa chojambula. Yanuyi chingwe chikutuluka kupita kukhoma, choncho chiyenera kuoneka.

Bambo Nyirenda
Mayi Gondwe anena zoona. Ine ndimalangiza kuti pule muziyamba mwaichotsa, muijambule payokha, chifukwa zolakwa zambiri zimabisala pamenepo.

Pa pule pali zinthu zitatu zokha zoigwira: chingwe chotsika, chingwe chogona, ndi pini C. Tengani momenti pa pini. Mbali zonse ziwiri za chingwe zili 0.1 m kuchokera pakati, ndiye ngati beringi ikuzungulira bwino, chingwe chikukoka 2 kN mbali zonse. Chotsika chikukokera pule pansi, chogona chikuikokera kukhoma. Kuti pule isasunthe, pini iyenera kuikankha 2 kN m'mwamba ndi 2 kN kunja, kutali ndi khoma.

Tsopano mukabwera pa bimu, mivi iwiriyo itembenuzeni. Pa C bimu ikumva 2 kN pansi ndi 2 kN kulowera kukhoma, ndipo zonse zikugwira pa pini penipeni, pa 2.0 m. Nambala ya 0.1 m yatha ntchito, musainyamulenso. Ambiri amachotsa pule koma katundu n'kumusiya pa 2.1 m, kusakaniza njira ziwiri.

Za BD. Chitsulo chimenechi chili ndi pini uku ndi pini uko, palibe china chochikhudza pakati. Chinthu chogwiridwa malo awiri okha chingakhazikike pokhapokha mphamvu ziwirizo zili zofanana, zoyang'anizana, ndiponso zili pa mzere wolumikiza mapini awiriwo. Zikapanda kutero chimazungulira. Ndiye pa B musajambule Bx ndi By ngati zosadziwika ziwiri. Jambulani muvi umodzi, F, wotsata mzere wa D kupita pa B. Ndi 1.2 ndi 0.9, BD ndi yotalika 1.5 m, kotero gawo lokwera ndi 0.6 F, logona ndi 0.8 F. Zosadziwika pa bimu zatsala zitatu, Ax, Ay ndi F, ndipo maikwezhoni nawonso ndi atatu.

```
ΣM_A = 0:  0.6F(1.2) − 2(2.0) = 0   →  F = 5.56 kN
ΣFx = 0:   Ax + 0.8(5.56) − 2 = 0   →  Ax = −2.44 kN
ΣFy = 0:   Ay + 0.6(5.56) − 2 = 0   →  Ay = −1.33 kN
```

Ndatenga kunja ndi m'mwamba ngati mbali za +. F ndinamujambula akukankha bimu m'mwamba ndi kunja, wabwera ndi +, ndiye BD ikupanikizidwa. Ax ndi Ay abwera ndi −, kutanthauza kuti pini A ikukokera bimu kukhoma ndi pansi. Onani Ay bwino. Anthu amaganiza kuti A ikunyamula bimu, koma bimu ikupendekera pa B ngati mtengo wotembenuzira mwala, mapeto a ku A akufuna kukwera. Mukatembenuza mivi pa bulaketi, bimu ikulizula kukhoma ndi 2.44 kN ndi kulikweza ndi 1.33 kN, pamodzi 2.78 kN. Mabawuti a pa A ndi amene amasolola njerwa.

Tiyanjane K.
Bambo Nyirenda, nanga njira ya a Wongani yosachotsa pule ndi yoletsedwa? Ku Mzuzu Technical College ena amaphunzira imeneyo.

Bambo Nyirenda
Ayi mwanawe, ndi yabwino ndithu, ndipo ndi imene mungayesere nayo yankho. Pule ikakhala pa bimu, katundu ali pa 2.1 m, akupereka 4.2 kNm mbali imodzi. Chingwe chogona, 2 kN pa 0.1 m pamwamba pa A, chikubweza 0.2 kNm. Zatsala 4.0 kNm, chimodzimodzi ndi 2 × 2.0. Kungoti njira imeneyi sikuuzani zimene pini C ikumva, chifukwa pini yatsala m'kati.

Mhango wa ku Katoto
Pepani akuluakulu, koma pa pini C ndikuona ngati mwachepetsa. Pule yokhazikika imanyamula kawiri ka katundu, aliyense wa zokwezakweza amadziwa. Katundu 2 kN, pini 4 kN. Bwanji inu mwaika 2 yekha pansi?

Mayi Gondwe
A Mhango, kawiri kameneko kamabwera pamene mbali zonse ziwiri za chingwe zikutsika pansi moyandikana. Pano imodzi ikutsika, ina yagona, zapanga ngodya ya 90°. Mivi yotero sitiphatikiza 2 ndi 2, timapeza √(2² + 2²) = 2.83 kN, yolozera pansi chakukhoma pa 45°. Pini C muisankhire 2.83, koma pa momenti ya pa A gawo logona silichita kanthu chifukwa mzere wake ukudutsa pa A pomwepo.

Wongani M.
Zikomo, ndamva pamene ndinaphonya. Koma zimene anena a Mhango zandikumbutsa china. Eni chigayo akuti magetsi akazima, anyamata azichotsa chingwe ku winchi n'kumakoka ndi manja ali pansi, thumba limodzilimodzi kapena awiri. Koma ndikuwadziwa, tsiku lina adzamangirira onse anayi n'kukoka gulu.

Bambo Nyirenda
Aaa, izi ndiye munayenera kuyamba nazo. Imeneyo ndi FBD ina, ndipo ndi yoopsa kuposa yoyamba. Pamenepo a Mhango alondola: mbali zonse zikutsika, pini C ikupatsira bimu 4 kN pansi, ndipo 2 kN yogona ija, imene inkathandiza kukankhira bimu kukhoma, yachoka.

```
F  = 4(2.0) / (0.6 × 1.2) = 11.1 kN
Ax = −8.89 kN,   Ay = −2.67 kN
```

BD yawirikiza kawiri, koma taonani pa A. Kuzula kwa mabawuti kwachoka pa 2.44 kufika pa 8.89 kN, kupitirira katatu ndi theka, katundu ali yemweyo. Ngakhale matumba awiri okha okoka ali pansi akupereka Ax = −4.44 kN, kuposa matumba anayi a pa winchi. Bimu nayo ikupindidwa kwambiri pa B: poyamba 2 × 0.8 = 1.6 kNm, tsopano 3.2 kNm. Ndipo apa sitinaikepo kugwedeza kwa anthu okoka modukizadukiza. Zitsulo ndi mabawuti musankhire njira yachiwiriyi. Khoma likakhala la njerwa zowotcha, ine sindingadalire mabawuti okhomera m'njerwa pa A. Abowoleni adutse khoma lonse, m'kati muikemo chitsulo chafulati chachikulu.

Tiyanjane K.
Funso langa lili pa BD. Kulemera kwake kumagwira pakati, ndiye tinganene bwanji kuti ili ndi mphamvu ziwiri zokha?

Mayi Gondwe
Kunena mosamala, si ziwiri zokha ayi, koma yerekezani. Chubu cha 50 × 50 × 3 chotalika 1.5 m chimalemera pafupifupi 6.5 kg, ngati 0.065 kN. Pa 5.56 kN ndi gawo limodzi pa 100 kapena kupitirira pang'ono. Kusiyeni. Chimene chimaononga nkhani ndi china: munthu akapachika tcheni buloko kapena mota pakati pa BD, kapena owotcherera akaona pini ikugwedera n'kuiwotcherera. Zikatero mapeto akutha kunyamula momenti, muvi sukutsatanso mzere wa mapini, ndipo chojambula chanu sichikunenanso za fulemu imene yaima pamalopo. Komanso musalakwitse n'kuyesa ABC chitsulo cha mphamvu ziwiri chifukwa choti ndi yowongoka. Ikugwiridwa malo atatu.

Mhango wa ku Katoto
Kwathu kuno mapini enieni ndi ochepa. Nthawi zambiri timaika chitsulo chafulati ndi mabawuti awiri kumapeto kulikonse. Timawerengabe ngati pini ndipo mafulemu akuima.

Bambo Nyirenda
Pa chochirikiza chachitali ndi chowonda, chokhala ndi mabawuti awiri oyandikana, kuwerenga ngati pini sikupita patali ndi zoona. Umu ndi mmene timachitira ndi matirasi a denga. Chofunika n'chakuti mzere wa pakati pa BD ukumane ndi mzere wa pakati pa bimu pa B penipeni.

Mayi Gondwe
Pa tirasi ndikuvomera, bambo, koma pano BD ndi yaifupi, ndipo bimu ikupindika pa B pomwepo, pamene momenti ili yaikulu kuposa pena paliponse. Bimu ikapindika imapotokola mapeto a BD ngati mabawuti awiriwo amangidwa zolimba, ndipo chitsulo chopanikizidwa chikayamba kupotokoledwa kumapeto chimakhota msanga. Fulemu sinapangidwe, ndiye ine ndingaike bawuti imodzi yaikulu kumapeto kulikonse, pakati pa makutu awiri, kuti chomangidwacho chifanane ndi chojambulidwa.

Wongani M.
Ndijambulanso zonse ziwiri, ya winchi ndi yokoka ali pansi, pule payokha, BD payokha. Za bawuti imodzi kapena awiri ndikaona kaye makutu amene owotcherera adula kale. Mawa ndikayeza kukhuthala kwa khoma pa A, ndipo ndidzabwera ndi funso la kukula kwa chitsulo chafulati cha m'katicho.