Ana anga adzaza ndime ndi "choncho" koma mfundo palibe

Mphunzitsi wa mbiri, Mufakose

Aphunzitsi anzanga, ndithandizeni maganizo. Ana anga a Fomu 3 ndinawaphunzitsa kuti ndime iyambe ndi chiganizo chotsogolera, kenako pabwere umboni, ndipo ziganizo zimangidwe ndi mawu olumikiza. Nditawafunsa ngati Chitaganya cha Rodeshiya ndi Nyasalande chinapindulitsa mofanana mayiko ake onse atatu, omwe lero ndi Zimbabwe, Zambia ndi Malawi, mwana wina wakhama analemba motere, ndipo ndaziika m'Chichewa: "Ndime ino ikamba za Chitaganya. Chitaganya chinayamba mu 1953. Komanso damu la Kariba linamangidwa pa Zambezi. Choncho likulu linali ku Salisbury. Pomaliza chinatha mu 1963." Palibe chabodza pamenepa, koma funso silinayankhidwe, ndipo makope ambiri ali chimodzimodzi.

Mphunzitsi wa Chingerezi, Mabvuku

Bambo, ine ndikuona kuti vuto lili pa mawu olumikizawo. Alembereni pa bolodi m'magulu atatu: owonjezera monga "komanso", otsutsa monga "komabe", ndi osonyeza zotsatira monga "choncho". Mwanayo akanadziwa gulu la "choncho" sakanaliika pamenepo, popeza damu silinachititse kuti likulu likhale ku Salisbury, komwe lero ndi Harare.

Mphunzitsi wopuma pa ntchito, Mbare

Mayi a ku Mabvuku anena zoona pa "choncho", koma mukachotsa mawuwo n'kuika oyenera, ndimeyo ikhalabe mulu wa zaka ndi mayina. Nthenda yagona m'chiganizo choyamba. "Ndime ino ikamba za Chitaganya" n'kungolengeza mutu, ndipo pansi pa chiganizo chotere chilichonse chimalowa, ngakhale chaka chimene Chitaganya chinatha.

Ine ndinkayesa chiganizo chotsogolera ndi funso limodzi: kodi munthu angathe kuchitsutsa? Ndinkaimiritsa mwana kuti awerenge chiganizo chake, mnzake n'kuyankha kuti, "Sindikuvomereza." Ngati kuyankha kotero kukumveka kopanda nzeru, ndiye kuti mfundo palibe. Tsono mwana wanu akalemba kuti, "Chitukuko chachikulu cha nthawi ya Chitaganya chinapita ku Rodeshiya wa Kummwera kuposa ku Nyasalande," mnzake angathe kukana, ndipo wolembayo amakakamizika kufunafuna umboni. Apa zaka za 1953 ndi 1963 zimadzichotsa zokha, chifukwa sizikuthandiza mlanduwo. Likulu la ku Salisbury likutsala, ndipo angawonjezere koleji ya yunivesite imene inamangidwanso mumzinda womwewu.

Chimene ana amadumpha kwambiri ndi chiganizo chotsatira umboni. Akatchula likulu, muwafunse kuti, "Ndiye zikusonyeza chiyani?" mpaka alembe kuti maofesi a boma, ntchito ndi nyumba zatsopano zinaunjikana kumene kunali likulu, pamene anthu ambiri a ku Nyasalande, kuphatikizapo agogo a ena mwa ife, ankabwera kuno ku Zimbabwe, komwe kunali Rodeshiya wa Kummwera, kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi. Mawu olumikiza aziikidwa pomaliza penipeni. Kwa milungu iwiri ndinkawaletsa kulemba "choncho", ndipo akamaloledwanso, ankayenera kutembenuza chiganizocho kuti chikhale ndi "chifukwa". Mwana akanena mokweza kuti likulu linali ku Salisbury chifukwa damu linamangidwa pa Zambezi, amadzimva yekha kuti wanena zosagwirizana.

Mphunzitsi watsopano, Dzivarasekwa

Zikomo, akuluakulu. Nanga ine amene ana anga amalemba chimangirizo chonse cha nthano ngati ndime imodzi, kodi ndiwauze kuti ndime iliyonse ikhale ndi ziganizo zisanu?

Mphunzitsi wopuma pa ntchito, Mbare

Ayi, mwana wanga, imeneyo ndi nkhani ina. M'nthano ndime imasintha pamene malo, nthawi kapena wolankhula wasintha, ndipo siifuna umboni. Mukawapatsa nambala, adzadula pachiganizo chachisanu ngakhale ganizo lisanathe.

Mphunzitsi wa mbiri, Mufakose

Ndayesa njira ya "sindikuvomereza" Lachinayi. Phunziro lonse linathera pa ziganizo zotsogolera zokha, ndipo ana asanu ndi atatu okha ndiwo anawerenga. Koma panatuluka chinthu chimene sindinachiyembekezere: mtsikana wina anakana kuti Kariba ndi umboni wa mfundoyo, ponena kuti damulo lili pamalire ndipo magetsi ake ankapitanso ku migodi ya mkuwa ya Rodeshiya wa Kumpoto. Wolembayo anasowa chonena, kenako anayamba chiganizo chatsopano ndi "komabe", ndipo ili linali liwu lolumikiza loyamba m'kalasimo kuikidwa pamalo pake.

Mphunzitsi wa Chingerezi, Mabvuku

Zasangalatsa, Bambo, koma ine sindinasiye magulu anga. Ana athu amalemba mayeso a ZIMSEC, bungwe loona za mayeso ku Zimbabwe, m'Chingerezi, ndipo mwana amene kunyumba amalankhula Chishona kapena Chichewa angathe kuona bwino lomwe kuti mfundo ziwiri zikutsutsana, koma n'kusowa liwu lachingerezi lonenera zimenezo. Kodi m'milungu iwiri yoletsayo mndandanda uzikhalabe pakhoma, kapena ndiuchotse?