Nyimbo ziwiri makodi amodzimodzi, woimba akulowa ndi ina: tizisiyanitse bwanji?

Wofunsa: Akuluakulu oimba amene muli pa gulu pano, ndithandizeniko nzeru. Ndimagwira kiyibodi m'kabandi kathu ka m'maukwati, ndipo sindinafike patali. Pa nyimbo zomwe timaimba pali No Woman, No Cry ya Bob Marley ndi Let It Be ya The Beatles, zonse timaziyika mu C. Ndikangoyamba, mtsikana wathu woimba amalowa ndi ya Marley pomwe ine ndimafuna inayo, nthawi zina n'kutembenuza. Sindingamudzudzule chifukwa zala zanga zimagwira zomwezomwezo:

```
C  G  Am  F
```

N'chifukwa chiyani nyimbo za anthu osiyana chonchi zikumveka ngati imodzi? Nanga ndichite chiyani kuti azidziwa ndisanafike pa mawu?

Mnyamata wa gitala: Zosavuta izo achimwene. Ina musiyeni mu C, inayo mukweze ipite mu D. Makodi akhala D A Bm G, basi zasiyana.

Mkulu woimba besi: Zasiyana pa pepala pokha mphwanga. Khutu la anthu ambiri silimva kuti iyi ndi C kapena D, limamva mtunda wochoka pa kodi ina kufika pa inzake. C G Am F ndi D A Bm G ndi ulendo umodzi: do, so, la, fa. Mukakweza kiyi woimbayo angokweza mawu n'kulowabe ndi nyimbo yolakwika.

Kufananako sikodabwitsa. M'kiyi imodzi muli manotsi 7, ndipo makodi a do, fa ndi so okha akukwana kale kuphimba manotsi onsewo. Chuni chilichonse chosatuluka m'kiyi mutha kuchiperekeza ndi atatu amenewa. Mukawonjezera la, amene ali ndi manotsi awiri ofanana ndi a do koma akumveka wachisoni, mwapeza anayi amene olemba nyimbo ambirimbiri amatolapo. Ndiye njira zowasanjira kuti zikome si zambiri ayi, anthu amakumana panjira.

Koma inu wofunsa, vuto lenileni n'lakuti mukuimba nyimbo ziwirizo mofanana kuposa eni ake. Yambani ndi dzanja lamanzere. Mu ya Marley, pa kodi yachiwiri besi sipita pa G, imatsika pang'ono n'kuponda B, kenako A. N'chifukwa chake pa mapepala amalemba `G/B`. B ali kale mkati mwa kodi ya G, ndiye palibe chikugundana, koma mumamva besi ikutsika ngati pa masitepe. Mu Let It Be besi imalumpha kuchoka pa C kukagwa pa G. Woimba wanu akazolowera kumvera pansipo, adziwa nyimbo pa kodi yachiwiri pomwe.

Chachiwiri, mzerewo suthera pa makodi anayi. Onani theka linalo:

```
No Woman, No Cry:  C  G/B  Am  F  |  C  F  C  G
Let It Be:         C  G    Am  F  |  C  G  F  C
```

Ya Marley ikabwerera pa C imapita pa F, ndipo imathera pa G, kusiya khutu lili m'malere kuti mzere uyambirenso. Inayo imabwereza G, kenako piyano imatsika F, E, D, C n'kukhala pansi. Katsikidwe kameneko ndiye chizindikiro chake, aliyense woidziwa nyimboyo amakazindikira. Ngati poyamba mumangozungulira anayi oyambawo, mukubisa dala malo amene nyimbozo zasiyanirana.

Wofunsa: Zoona akulu, ndimazungulira anayiwo kawiri kenako n'kumukodola ndi mutu kuti alowe. Dzanja lamanzere limangotsata dzina la kodi. Koma nanga liwiro? Ine ndimaona ngati likufanananso.

Mkulu woimba besi: Likuyandikana ndithu, makamaka ngati mukutsata ya Marley yomwe anajambula pa konsati ya ku Lyceum ku London mu 1975, yomwe anthu ambiri amaidziwa. Ya pa chimbale cha Natty Dread cha 1974 ndi yothamangirapo. Ponse pawiri kodi iliyonse imakhala mabiti awiri, ndiye kuwerenga sikukupulumutsani apa. Pa nyimbo zina kumathandiza kwambiri, chifukwa ina imakhala pa kodi mabiti anayi, ina awiri, ndipo zikatero makodi angafanane bwanji nyimbozo zimayenda mosiyana.

Mlongo wina: Ine ndimangoti uku n'kuba basi. The Beatles anatulutsa yawo mu 1970, Marley n'kubwera pambuyo. Bwanji sanamusumire?

Mphunzitsi wa sukulu: Chemwali, makodi alibe mwini, akanakhala naye bwenzi theka la oimba ali kukhoti. Mu 2023 khoti la ku New York linapeza kuti Ed Sheeran sanabe Let's Get It On ya Marvin Gaye polemba Thinking Out Loud, ngakhale makodi ake akuyenda mofanana kwambiri. Mlandu umalimba ukatenga chuni kapena mawu. Komatu mnzathuyu sanafunse za kuba.

Woimba ng'oma: Nonse mukukamba za zala, ng'oma mwaisiya kuti? Ndikalowa ndi rege, gitala n'kumadula pakati pa mabiti, palibe angaganize za The Beatles. Muuzeni wa ng'oma wanu ayambe nanu limodzi pa ya Marley, pa inayo akhale chete muyambe nokha ndi piyano monga inayambira nyimbo yeniyeniyo. Yatha nkhani.

Mkulu woimba besi: Pa siteji zithandiza, sindikukana. Koma tsiku lomwe wa ng'oma wachedwa basi, kapena wina wapempha kuti ya Marley iimbidwe mofatsa ndi kiyibodi yokha, mubwerera pomwe munali. Biti mutha kuisintha nyimboyo n'kukhalabe yomweyo. Chuni simungachisinthe.

Mayi wa kwaya: Pamenepo pa chuni ndiye pandikhudza, bambo. Kwathu ku kwaya makorasi ambiri amangoyenda do, fa, so, do, kuwomba m'manja kumodzimodzi, besi imodzimodzi. Zanu za B ndi G sizingatithandize chifukwa palibe chosiyana pansipo. Ife timamvera notsi yoyamba ya wotsogolera ndi nthawi imene walowera. Korasi ina imayambira pa so biti yoyamba isanagwe, ina imadikira kuti manja awombe kaye kenako n'kuyambira pa mi. Mwana wa pa kiyibodi akangogwira makodi okha, amayi theka amalowa ndi ina theka ndi ina, ndipo zimakwanirana bwinobwino mpaka mawu atagundana. Ndinamuuza kuti poyamba aziimba mzere woyamba wa chuni ndi dzanja lamanja. Koma pali makorasi awiri amene ngakhale mzere woyambawo ndi umodzi, amasiyana pa wachiwiri. Amenewo mpaka lero ndimangofuula mawu oyamba.

Mphunzitsi wa sukulu: Amenewo mayi mwina ndi nyimbo imodzi yomwe inapatsidwa mawu awiri.

Mayi wa kwaya: Akuluakulu a kwaya yathu sangavomere zimenezo, aliyense amati yakeyo ndiye yakale.

Wofunsa: Let It Be nayonso woimba amalowa pa so biti isanagwe, ndangoyesa pano. Loweruka ndiyamba ndi makodi onse 8 ndi B kumanzere pa ya Marley. Koma akulu a besi, woimba besi wathu akakakamira pa G ine ndili pa B, sizimveka phokoso?

Mkulu woimba besi: Phokoso ayi, onse ndi manotsi a kodi imodzi, kungoti pansi pachita matope ndipo kutsika kuja sikumveka chifukwa G wakeyo ndiye ali pansi kwambiri. Akaponde B ndi iyeyo, inu dzanja lamanzere mulipepuze.