Ndithandizeni kumasulira imelo yofunsa za fizi ndi zoyenereza ku yunivesite ya ku Joni

Jere wa ku Tembisa: Moni nonse a m'gulu muno. Ine ndimagwira ntchito kuno ku Joni, ndipo ndikufuna mchemwali wanga wamng'ono adzaphunzire digiri ya akauntingi pa yunivesite ina ya boma konkuno. Iye ali kumudzi ku Kasungu. Analemba MSCE mu 2021 n'kupeza mapointi 17, kenako anachita dipuloma ya zaka ziwiri pa koleji ina ku Lilongwe. Pano ali ndi zaka 22. Chingerezi choyankhula ndimachitha, koma cholembera ku ofesi chimandivuta. Zomwe ndikufuna kunena ndi izi: "Moni bwana, ndikhulupirira muli bwino. Ndimafuna ndidziwe nawo kuti fizi ndi ndalama zingati, komanso chofunika n'chiyani kuti mchemwali wanga mumutenge. Anakhoza bwino Fomu 4 ndi mapointi 17." Alipo angandiikire m'Chingerezi chabwino?

Nachisale: Achimwene, kumasulira kokhako n'kosavuta, koma mukatumiza mmene ililimu adzangokuyankhani ndi linki ya webusaiti yawo basi. Ku Chichewa tikati fizi timaphatikiza zonse, pomwe iwowo ndalamazo anazigawa mayina. Pali yolipira potumiza fomu, pali ya maphunziro enieniwo, pali yowonjezera ya ophunzira ochokera kunja, ndiye ya hositelo ndi chakudya payokha. Munthu wa mu ofesiyo sadziwa kuti mwa zonsezi mukufunsa iti. Funso lililonse likhale pamzere wake, ndi nambala yake, loti yankho lake likhale ndalama, tsiku, kapena inde kaya ayi.

Za mapointizo zichotseni. Kwathu mapointi akachepa ndiye kuti munthu wakhoza bwino, koma ku South Africa amawerengera sikelo yawo ya mapointi olowera ku yunivesite yotchedwa APS, yomwe ikakwera ndiye bwino. Akawona 17 popanda kufotokoza angaganize kuti mwanayo anagwa. Lembani phunziro lililonse ndi giredi yake, ndipo muwonjezere mzere umodzi wonena kuti pa MSCE 1 ndi 2 ndi disitinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 n'kukhoza wamba, 9 n'kulephera. N'chifukwa chake "anakhoza bwino" musaimasulire kuti `she passed`, angayese kuti mukunena ma 7 ndi ma 8.

Bambo a Tadala: Musavutike n'kufunsa fizi, a Jere. Malawi ili mu SADC, mwana wathu amalipira chimodzimodzi ndi mwana wa konko. Chachikulu pitani ku SAQA, bungwe la ku South Africa loona za mapepala a maphunziro, akawunike satifiketi yakeyo, zikatero watheka.

Nachisale: Bambo a Tadala, mwanena zoona theka. Pangano la SADC la zamaphunziro la 1997 ndi lomwe limachititsa kuti ndalama ya maphunziro ifanane ndi ya eni dziko, koma mayunivesite ambiri amaikabe kandalama kena ka ophunzira akunja chaka chilichonse. Ena amafunanso kuti wakunja alipiretu gawo lalikulu la fizi ya chaka asanalembetse, pomwe mwana wa konko amayamba ndi dipoziti. Kwa munthu wolandira pamwezi ngati a Jere, funso la kulipiratuli ndi lomwe lingawagwetse kapena kuwaimika.

Za SAQA nazonso ayi. Wofuna digiri yoyamba ndi satifiketi ya sekondale yakunja, pepala lomwe amafunsidwa kawirikawiri ndi `exemption certificate` ya Matriculation Board, yomwe ili pansi pa Universities South Africa, ndipo pepalali limatsimikiza kuti maphunziro ake ndi omuyenereza kuyamba digiri. SAQA imabwera kwambiri pa nkhani ya madipuloma ndi madigiri, makamaka kwa ofuna masitazi. MSCE payokha nthawi zambiri siikwanira, chifukwa amaiwerengera ngati O-Level. Ndiye apa dipuloma ija ndi yomwe ikufunika kufunsidwa bwinobwino.

Mayi Phiri a ku Area 25: Bwanji osangodikira NCHE itulutse mafomu? Wanga analowa ku yunivesite ya boma konkuno ndi makirediti sikisi kuphatikiza Chingerezi, za maimelo sitinazione n'komwe. Mapointi 17 si oipa.

Jere wa ku Tembisa: Zikomo mayi, koma tikufuna kuno kuti azidzakhala ndi ine, ya hositelo tisalipire. Achemwali a Nachisale, ndamva. Masamu anapeza 3, Chingerezi 4. Ndiye mafunsowo ndiwalembe bwanji?

Nachisale: Pamwamba pa imelo ikani dzina la kosi ndendende mmene lalembedwera pa webusaiti yawo, ndi chaka chomwe akufuna kuyamba m'manambala. Mukangoti chaka chamawa, imelo ikawerengedwa mu Januwale tanthauzo lasintha kale. Moni akhale mzere umodzi. Kenako ziganizo zitatu zonena kuti ndi Mmalawi, ali ndi MSCE ya 2021 ndi magiredi akewo, ndi dipuloma ya zaka ziwiri ya ku koleji yakuti. Mafunso akuluakulu akhale motere:

```
1. Do the MSCE and the two-year diploma together meet the entry requirements, or are A-Levels needed?
2. Must the exemption certificate be submitted with the application or at registration?
3. What are the first-year tuition fees and the international levy for a SADC student?
4. How much must be paid before registration, and by what date?
```

Loyambalo likufunsa ngati mapepala awiriwo ali okwanira kapena akufunika A-Level. Lachiwiri ndi la nthawi yoperekera pepala la Matriculation Board, chifukwa kufunsa kuti chofunika n'chiyani ndi kufunsa kuti chikufunika liti ndi nkhani ziwiri. Ndipo "ndimafuna ndidziwe nawo" ija ndi ulemu wa kwathu, m'Chingerezi `I would like to know` yakwana, osachita kupepesa.

Chekaukutu: Ine ndikutsutsako pang'ono. Mafunso a fizi ndi a zoyenereza musawaike mu imelo imodzi. Kumene ndinaphunzira ine ofesi yolandira ophunzira ndi ya zachuma zinali zosiyana, anandiyankha funso loyamba lokha, enawo zii. Tumizani ziwiri. Chinanso, alembe ndi mwini wake pa imelo yake. Kuno ku South Africa kuli lamulo la POPIA loteteza zinsinsi za munthu, akangotsegula fayilo ya wophunzira sakamba za iye ndi munthu wina, kaya ndi mchimwene wake wolipira fizi.

Nachisale: Za kulemba mwini wake ndavomera. Za maimelo awiri, ine ndikanayamba ndi imodzi ku ofesi ya ophunzira akunja, chifukwa iwowo amadziwa mbali zonse ziwiri, ndiponso ndi omwe amapereka kalata yokapezera viza ya sukulu. Vizayo imafunanso medikolo edi yolembetsedwa ku South Africa konko, ndiye muiwerengere pa bajeti, a Jere.

Ankolo Zgambo: Mwanayo akuti ali ndi zaka 22? Pajatu pali njira ya akuluakulu yoyambira zaka 23, Matriculation Board imapereka chilolezo chokhala ndi malire kwa amene ali ndi maphunziro okwanira a sekondale. Mphwanga analowera pomwepo. Koma si kosi iliyonse imalola njirayi, ndiye liikeni ngati funso lachisanu.

Jere wa ku Tembisa: Akwanitsa 23 mu Epulo, pomwe sukulu kuno zimatsegulira mu Febuluwale. Ndiye ndifunse kuti zakazo amawerengera tsiku lolembetsa kapena chaka chonsecho? Ndamuimbira kuti ajambule satifiketi ya MANEB ndi thiransikiripiti ya dipuloma, koma akuti thiransikiripitiyo sanakatengebe ku koleji. Titumize kaye imeloyi popanda iyo, kapena tidikire?

Chekaukutu: Tumizani, mungolemba mayina a maphunziro a dipulomayo. Kosi zina mafomu amatseka pakati pa chaka.