Chiliza cha Agogo NaMaseko

Mayi a Chisomo (msungichuma): Abale nonse, ndikukumbutsani kuti tinagwirizana K30,000 pa khomo lililonse, ndipo mwa makomo 14 apereka ndi 6 okha, kotero kuti m'thumba muli K180,000. Mmisiri wa chiliza akufunsa mawu oti azokote pa mwala, ndipo sindingamuyankhe ndekha.

Bambo Aang'ono (Lizulu): Mawuwo ndinapereka kale pa maliro a chaka chatha. Palembedwe kuti NaMaseko, mwana wa Inkosi Gomani woyamba. Amenewa ndi agogo anga, ndipo bambo anga amene anandibereka ankanena choncho mpaka tsiku lomwalira.

Aphunzitsi (Zomba): Bambo, sindikutsutsa kuti agogo anachokera ku nyumba yachifumu, koma ndikupempha kuti tiwerenge zaka tisanalembe pa mwala, chifukwa cholembedwa pa mwala sichifufutika. Gomani woyamba analowa ufumu bambo ake Chikuse atamwalira mu 1891, ndipo anaphedwa ndi asilikali a azungu mu Okutobala 1896, atalamulira zaka zisanu zokha. Mwana wake Filipo, amene anadzakhala Gomani wachiwiri, anali wamng'ono kwambiri pa nthawiyo. Tsono tonse tikudziwa kuti bambo anu, amene anali mwana woyamba wa NaMaseko, anagwidwa kukakhala mtengatenga pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Ngakhale titanena kuti anatengedwa kumapeto kwa nkhondoyo ali ndi zaka 16 kapena 17, ndiye kuti anabadwa cha m'ma 1901. Mayi wobereka mu 1901 ayenera kuti anabadwa cha m'ma 1885 kapena kale kuposa pamenepo. Munthu wobadwa nthawi imeneyo ndi wa msinkhu wa mlongo wake wa Gomani, osati mwana wake.

Bambo Aang'ono (Lizulu): Masamu a kusukulu sangasinthe zimene bambo anga ananena. Palembedwe kuti mwana wa Gomani.

Achemwali (Bilila): Ndawawerengera azakhali aakulu uthenga wa aphunzitsi pano pakhonde, ndipo andiuza kuti ndilembe monga akunenera. Iwo anabadwa mu 1936, anagona m'nyumba imodzi ndi agogo NaMaseko mpaka agogowo anamwalira itangotha njala ya 1949. Akuti agogo ankasimba kuti tsiku limene mfuti za azungu zinamveka, iwo anathawira kuphiri atabereka mwana wa mnzawo wa mayi awo kumbuyo, ndipo nsalu itamasuka panjira anamumanga mwanayo ndi luzi. Akutinso agogo akamatchula Gomani sankanena kuti atate, ankanena kuti alongo anga.

Aphunzitsi (Zomba): Zikomo achemwali, mundithokozere azakhali. Mtsikana wotha kuthawa ndi mwana kumbuyo mu 1896 anali ndi zaka 10 kapena kupitirira, ndipo zimenezi zikugwirizana ndi chiwerengero changa, ngakhale kuti azakhali sanachiwerengere ku nkhondo ya Jeremani monga ndinachitira ine. Maumboni awiri osadalirana akafika pa chaka chimodzi, ndiye kuti tili pafupi ndi zoona.

Mlamu (Balaka): Ngati ndi choncho tilembe kuti mwana wa Chikuse, nkhani ithe, simenti isanakwerenso mtengo. Thumba limene ndinafunsa mwezi watha lakwera kale, ndipo mchenga sitinauwerengere n'komwe.

Mayi a Chisomo (msungichuma): Alamu, za simenti tikambe makomo 8 otsalawo akapereka, ndipo khomo lanu lili m'gulu lomwelo. Ulendo uno ndikulemba dzina ndi tsiku la aliyense wopereka, kuti zimene zinachitika pa chiliza cha amayi zisabwerezedwe.

Aphunzitsi (Zomba): Alamu, ngakhale Chikuse sitingamulembe lero. Mawu akuti alongo anga ndi otakasuka kwa ife: mwana wa bambo aakulu kapena wa bambo aang'ono ndi mlongo wako, ndipo mwana woleredwa pa khomo lanu ndi mlongo wakonso. Pa mudzi wa inkosi panali nyumba zambiri za akazi ake, ndipo m'nyumba zimenezo munkakulira ana a inkosi, ana a abale ake, ndi ana ogwidwa ku nkhondo amene ankawerengedwa a pakhomopo. Dzina lakuti NaMaseko likutiuza mfunda wokha, silikutiuza bambo. Ndafufuza m'mabuku amene ndawapeza kuno, kuphatikizapo la Margaret Read la 1956, mayi amene anakhala pakati pa Angoni m'zaka za m'ma 1930. Mzere wa amuna ndi woonekeratu: Mputa, kenako m'bale wake Chidyaonga amene anasunga mpando, kenako Chikuse, kenako Gomani. Amalembedwa chifukwa nkhani ya olemba inali ya ufumu ndi nkhondo. Mkazi amene dzina lake limamveka kawirikawiri ndi Namlangeni, ndipo akumbukiridwa chifukwa anabereka Chikuse. Mkazi amene sanabereke wolowa ufumu, pamodzi ndi ana ake aakazi, dzina lake silipezeka pa mndandanda wotere, kotero kusapezeka kwa agogo sikutsimikiza kanthu mbali iliyonse.

Bambo Aang'ono (Lizulu): Ngati mabuku anuwo sanamulembe, bwanji mukufuna kuwakhulupirira kuposa ine? Ine ndapereka ndalama zanga zonse tsiku loyamba, pamene ena amene akulankhula kwambiri pano sanabwere ngakhale kudzalambula manda. Palembedwe kuti mwana wa Gomani.

Aphunzitsi (Zomba): Bambo, njira imene ndikupempha si ya mabuku a azungu okha. Mkazi wosalembedwa timamupeza pofunsa za anthu ndi zinthu zomuzungulira, ndipo funso lalikulu kwa Angoni ndi la ng'ombe. Pamene agogo ankakwatiwa, ng'ombe za malowolo zinalowa m'khola la yani? Wolandira ng'ombe ndiye ankawerengedwa bambo kapena woyimira bambo. Popeza ukwatiwo unachitika cha m'ma 1900, Chikuse ndi Gomani onse atamwalira, ng'ombezo zinalandiridwa ndi mwamuna wina wa nyumba ya mayi awo, ndipo kawirikawiri ng'ombe za mlongo zinkakalowolera mkazi wa mchimwene wake. Tikapeza banja limene limakumbukira kuti agogo awo aakazi analowoledwa ndi ng'ombe za NaMaseko, tapeza mchimwene wa bere limodzi, ndipo amuna ndi osavuta kuwalondola chifukwa midzi imatchedwa mayina awo.

Achemwali (Bilila): Azakhali akuti dzina la mwini khola sakulikumbuka, koma akukumbuka kuti mchimwene wa agogo ankabwera kuchokera kutsidya, mbali ya phiri la Domwe ku Mozambiki, atanyamula fodya ndi mbatata, ndipo agogo ankamuphikira okha osalola mpongozi kukhudza mphika. Akutinso mayi a agogo ankatchedwa NaPhiri, anali Mchewa, ndipo agogo ankadziwa nyimbo za chinamwali cha Chichewa zimene akazi ena a pamudzi sankazidziwa.

Aphunzitsi (Zomba): Mawu amenewa ndi olemera kuposa zonse zimene ndawerenga. Domwe ndi kumene kunali likulu la Chikuse, malire asanagawe anthu athu pakati pa Angelezi ndi Apwitikizi. Ndipo ngati mayi awo anali NaPhiri, tili ndi khomo lachiwiri logogoda, chifukwa Achewa amawerenga mbumba kudzera mwa akazi. Kumene mzere wachingoni unasiya mkazi, a kuchikazi kwake angathe kukumbukira kuti mwana wawo anatengedwa kupita ku mudzi wa inkosi ndipo anabereka ana akutiakuti. Achemwali, chonde musawafunse azakhali kuti kodi bambo a agogo anali Chikuse, chifukwa munthu wamkulu akamva dzina m'funso amatha kungolivomera. Afunseni kuti agogo akamalumbira ankatchula yani, maliro a kwawo ankakalira kuti, ndipo NaPhiri anaikidwa mudzi uti. Mujambule mawu awo pa foni, mutchule tsiku poyamba.

Achimwene (Joni): Ndaona mauthenga onse. Ndalama ya khomo langa ndi ya ulendo wa aphunzitsi nditumiza Lachisanu.

Mayi a Chisomo (msungichuma): Achimwene, tidzathokoza ikafika, pakuti Lachisanu limeneli munalitchulanso mwezi wa Marichi. A ku Kasungu ndi a ku Mzuzu sanayankhe chilichonse chiyambire gululi, ngakhale zikuoneka kuti akuwerenga. Aphunzitsi, ulendo umene ukunenedwawu ndi wa kuti, ndipo udya zingati? Ndalama ili m'thumbayi anthu anapereka ya chiliza.

Aphunzitsi (Zomba): Ku nyumba yosungira zolembedwa zakale za boma kuno ku Zomba ndipita ndi ndalama zanga, koma sindikuyembekezera zambiri, chifukwa mabwana a boma ankalemba mafumu, nyakwawa ndi msonkho wa nyumba. Chiyembekezo changa chili ku Nzama, kumene ansembe a Montfort anatsegula mishoni mu 1901, popeza agogo anabatizidwa kumeneko amuna awo atamwalira. Anadikira nthawi yonseyo chifukwa anali mkazi wachiwiri pa mitala, ndipo mpingo sunkabatiza mkazi wotero mwamuna ali moyo. M'buku la ubatizo mumalembedwa dzina la wobatizidwa, la bambo, la mayi, mudzi ndi la womuimira pa ubatizo. Tiyenera kusamala pa zinthu ziwiri. Zaka za munthu wamkulu wansembe ankangoyerekeza poyang'ana nkhope, ndiye sitingazidalire. Ndipo dzina likhoza kulembedwa Chikusi kapena Cikusi, kapena pa malo a bambo pakhoza kulembedwa Gomani pongotanthauza mwini dziko. Choncho ndidzapempha kuonanso ubatizo ndi ukwati wa ana awo onse, makamaka ana aakazi awiri aja amene ife tomwe sitinawalembe pa mndandanda wa banja, kuti ndione ngati mayina a makolo akufanana m'malo onse. Ndikupempha K60,000 ya basi, kabaza ndi chakudya cha masiku atatu, ndipo ndidzabweretsa chiwerengero cha ndalama iliyonse.

Mlamu (Balaka): Ana aakazi awiri ati? Ine ndimadziwa amuna atatu okha.

Achemwali (Bilila): Azakhali akuti wina anakwatiwa ku Mua ndipo anamwalira pa fuluwenza ya 1918 akadali wamng'ono, wina anatsatira mwamuna wake ku Halale ndipo sanabwerenso. Akudandaula kuti pa maliro onse a pakhomo pano palibe amene anawafunsapo za iwo. Mayina awo andiuza ndipo ndawajambula.

Bambo Aang'ono (Lizulu): Wa ku Halale ndinamumvapo, bambo ankasunga kalata yake m'sutikesi, ndipo sutikesiyo ili kwa ine. Ndiitsegula mawa kukacha. Koma ndikunenabe kuti pa mwala palembedwe Gomani.

Aphunzitsi (Zomba): Bambo, dzina la Gomani likhoza kukhalapo popanda kunama. Tikhoza kulemba kuti NaMaseko, mwana wa NaPhiri, wa ku nyumba ya Inkosi Gomani, anamwalira itatha njala ya 1949, ndi mayina a ana awo onse asanu, kenako mmisiri asiye mzere umodzi wopanda kanthu wa dzina la bambo. Kalatayo mukaipeza muijambule mbali zonse ziwiri pamodzi ndi envelopu yake, chifukwa chidindo cha positi chidzatipatsa chaka ndi malo.

Mayi a Chisomo (msungichuma): Mayina asanu awonjezera mtengo wozokota, ndipo ndimufunsa mmisiri mawa kuti ndi zingati. K60,000 ya ku Nzama sindiitulutsa mpaka makomo ena 4 apereke, ndipo amene akutsutsa kuti ichoke m'thumbali anene pano lisanafike Lamulungu. Achemwali, funso la kumene NaPhiri anaikidwa muwafunse azakhali lero lomwe asanagone.