Akuba atengera chilengezo chathu cha ntchito, ndikonze pati?

Woyang'anira antchito: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Mwezi watha tinalengeza ntchito ya wosunga katundu m'nyumba yathu yosungiramo zipangizo. Tinapanga kachithunzi kokongola, pansi tinaika nambala ya foni ndi imelo yanga ya Gmail. Makalata anabwera oposa 300, koma amene anagwirapo ntchitoyi sanakwane 20. Chondiwawa kwambiri ndi ichi: wina anafufuta nambala yathu n'kuikapo yake, ndipo amauza anthu kuti alipire ndalama yoyezetsera kuchipatala asanalowe intavyu. Mayi wina anafika pageti ndi lisiti m'manja akulira. Tikulengezanso sabata yamawa.

Mkulu wa maakaunti: Funsani masatifiketi ndi chiphaso pachiyambi pomwe, bwana. Achinyengo amathawa akaona kuti mapepala mukuwafufuza. Ife tinagwirapo wina wa dipuloma yabodza.

Mayi wolemba antchito: Achimwene, amene mukunenawo ndi ofunsira ntchito abodza, pomwe anzathuwa akudandaula za akuba odzitcha kampani yawo. Ndipo kufunsa chiphaso poyamba n'kuwathandiza akubawo, chifukwa anthu amazolowera kutumiza ziphaso kwa aliyense. Zimenezo muzione pa tsiku la intavyu, munthu atabwera nazo yekha.

Bwana, vuto linayambira pa kachithunziko. Kusintha nambala pachithunzi n'kosavuta, ndipo amene wachilandira pa WhatsApp alibe poonera kuti chenicheni n'chiti. Chilengezo chonse chikhale pa webusayiti yanu kapena patsamba lanu lodziwika, kwinako muzingoika mawu ochepa ndi linki. Nambala ya foni musaikepo, m'malo mwake mulembe kuti makalata mukulandira pa imelo imodzi yokha, ya dzina la kampani. Imelo ya Gmail aliyense angatsegule yofanana nayo lero lomwe.

Mawu oti simulipiritsa akhale pamwamba, asanafike ndi maudindo a ntchito omwe. Akakhala pansi, wakuba amangodula chithunzicho. Ndiponso atchule zinthuzo mayina. Ine ndimalemba chonchi: "Sitilipiritsa ndalama ya fomu, ya intavyu, ya kuchipatala, ya yunifomu kapena ya maphunziro. Aliyense wokupemphani ndalama m'dzina lathu ndi wakuba." Mukangoti "ntchitoyi ndi yaulere", munthu amaganiza kuti zakuchipatala ndi nkhani ina, ndipo amalipira.

Mnyamata wa makompyuta: Zoona mayi, koma imelo ya kampani nayo si mpanda wokwanira. Onani izi:

```
ntchito@kampani.example
ntchito@karnpani.example
```

Yachiwiriyo ili ndi r ndi n zogundana, pafoni zimaoneka ngati m. Ndiye muuzeni wofunsira kuti adilesi aione yekha pa webusayiti yanu, asadalire imene yabwera ndi uthenga.

Mkulu wa maakaunti: Ndamva. Komanso mulembe kuti kulipiritsa n'koletsedwa padziko lonse, bungwe la mayiko loona za ntchito la ILO linaletsa.

Mayi wolemba antchito: Pang'ono pokha. Pangano la ILO nambala 181 la 1997 limanena za mabungwe omwe si aboma opezera anthu ntchito, kuti asalipiritse ofuna ntchitowo, ndipo limamanga mayiko okhawo amene analivomereza. Pachilengezo ingonenani zimene inu simuchita.

Woyang'anira antchito: Nanga makalata 300 aja? Tinalemba kuti tikufuna munthu wolimbikira, wokhulupirika, wodziwa kugwira ntchito ndi anzake.

Mayi wolemba antchito: Ndani angadzikane kuti si wolimbikira, bwana? Munaitana aliyense. Lembani zimene munthu angayankhe kuti inde kapena ayi: anasungapo katundu zaka ziwiri, amadziwa kulemba katundu wolowa ndi wotuluka pa Excel, angathe kugwira Loweruka ngati ntchitoyo ili choncho. Zofunika zenizeni zisapitirire zinayi, zongosangalatsa kukhala nazo zikhale padera. Kenako funsani funso limodzi loti ayankhe m'kalatamo ndi mizere isanu: "Mutawerenga katundu n'kupeza kuti sakugwirizana ndi buku, mumayambira pati?" Wodziwa ntchito adzanena zowerenganso, zoona mapepala olandirira ndi otulutsira katundu. Wongomwaza makalata paliponse sadzayankha n'komwe, ndipo kumuchotsa sikukutayitsani nthawi. Tsiku lotseka lilembedwe, pamodzi ndi tsiku limene osankhidwa adzakhale atauzidwa, kuti wakuba akaimba pambuyo pake anthu akayike.

Malipiro nawo ndimalemba, kuyambira apa mpaka apa. Akuba amakopa ndi malipiro okwera, ndiye enieniwo akadziwika, bodza limaonekera.

Mkulu wa maakaunti: Apo pokha ndikukana, mayi. Amene ali kale pantchito akaona kuti watsopano adzalandira kuwaposa, muofesi simukhalika.

Woyang'anira antchito: Zikomo nonse. Nambala ndachotsa, chenjezo lakwera pamwamba, funso lija ndalitenga momwemo. Mlonda wa pageti ndimuuzanso choyankha wina akabwera ndi lisiti. Za malipiro ndikakambe ndi eni kampani Lolemba.