Ndakonza Chichewa cha amayi ena, iwo akuti "si ine" — ndilowere pati?

A pa gulu, ndithandizeni nzeru. Ndine mlembi pa mpingo wathu kuno ku Kasungu, ndipo tikusonkhanitsa maumboni a akuluakulu kuti tisindikize kabuku. Amayi ena ochokera kwa Kaluluma, amene chiyankhulo chawo ndi Chitumbuka, analemba m'Chichewa masamba atatu a mukope za njala ya 2002. Penapake analemba chonchi:

"Chaka icho tikadyanga gaga, vakudya vikasowa chomene. Mwana akadwala, tikagulitsa mbuzi. Ine kulira yayi, nikati Chiuta alipo."

Ine ndinakonza kuti: "M'chaka chimenecho tinkadya madeya chifukwa chakudya chinali chosowa kwambiri. Mwana akadwala tinkagulitsa mbuzi. Komabe sindinataye mtima popeza ndinkadziwa kuti Mulungu alipo."

Nditawawerengera pakhonde pawo, anakhala chete akupukusa chimanga, kenako anati, "Mwalemba bwino mwanangu, koma si ine." Mawu amenewo akundisowetsa tulo. Ndikasiya momwe analembera, owerenga ena sadzamva. Ndikakonza, ndikuwafafaniza. Malire ake ali pati?

Bambo a Tadala:
Musavutike achimwene. Malamulo a kalembedwe ka Chichewa alipo, a 1990 aja. Tsatirani amenewo basi. Buku ndi buku, silifuna zosakaniza.

Mphunzitsi wopuma, Nkhamenya:
Bambo a Tadala, malamulowo amathandiza pa kalembedwe ka mawu, koma sanena kuti munthu asinthidwe maganizo. Inu alembi, cholakwa chachikulu si cha amayiwo, chili pa mbuzipo. M'Chitumbuka -ka- amaonetsa zomwe zinachitika kale. "Tikagulitsa" akutanthauza "tinagulitsa", ndipo "akadwala" ndi "anadwala". Inu munawerenga ndi khutu la Chichewa, mwamva ngati "nthawi iliyonse mwana akadwala". Mwapezeka mwawapatsa khola la mbuzi zambiri, pomwe mwina inali imodzi yokha, yomaliza. Chizindikiro chake onani kumapeto kwa mawu. Pomwe zinkachitika kawirikawiri iwo aika -nga, "tikadyanga", ndiye pamenepo "tinkadya" munalondola. Pomwe palibe -nga, zinachitika kamodzi. Pitani mu masamba onse atatu ndi pensulo, zungulizani -ka- aliyense, mukawafunse mmodzimmodzi.

Ine ndikanalemba chonchi: "Chaka chimenecho tinkadya gaga, zakudya zinasowa kwambiri. Mwana anadwala, tinagulitsa mbuzi. Ine sindinalire ayi, ndinati Chiuta alipo." Ndakonza nthawi ya aneni, ndakonza vi- kukhala zi-, ni- kukhala ndi-. Ziganizo zawo zazifupi ndazisiya momwemo. "Chifukwa", "komabe" ndi "popeza" anaika ndinu, iwo sanafotokozere munthu zifukwa. Komanso "kulira yayi" si "sindinataye mtima". Munthu amatha kutaya mtima osagwetsa msozi.

Mlembi:
Aphunzitsi, mwandigwira pamtima. Ndawaimbira mdzukulu wawo pompano, akuti inalidi mbuzi imodzi, yaikazi, ndipo inali ndi bere. Ndikanasindikiza bodza m'dzina lawo.

 



Nyirenda wa pa Chatoloma:
Aphunzitsi, kwina konse ndagwirizana nanu, koma "chomene" mwamuchotseranji? Ndani ku Kasungu kuno amene samva "chomene"? Ndi mawu ngati amenewo amene mwana wawo adzati akawerenga, amve kuti akuyankhula ndi amama. Ngakhale "yayi" ndikanamusiya. "Ine kulira yayi" ali ndi mphamvu yomwe "sindinalire ayi" alibe.

Mphunzitsi wopuma, Nkhamenya:
Pa "chomene" mwandigonjetsa a Nyirenda, abwerere, sasokoneza tanthauzo. Pa "kulira yayi" ndikukayikabe. Kabukuka kakafika ku Dedza kapena ku Mulanje, wina adzaona ngati alembi anaphonya, kapena adzawaseka amayiwo. Ndawaonapo ana akusekedwa m'kalasi chifukwa cha zoterezi, n'kusiyiratu kulemba.

Bambo a Tadala:
Nanga Chiuta? Bwanji osangoti Chauta kapena Mulungu, poti ndi Chichewa?

Nyirenda wa pa Chatoloma:
Dzina lomwe munthu anaitana usiku mwana ali moto thupi lonse musalikhudze, bambo.

Mlembi:
Chiuta akhala, "gaga" ndi "chomene" akhalanso. Za "kulira yayi" ndilemba mitundu yonse iwiri pa pepala, Loweruka ndikawawerengere mokweza, asankhe okha. Koma ndili ndi mantha amodzi: amayiwa amandilemekeza ngati mlembi, mwina akangoloza yomwe akuganiza kuti ndikuifuna ine. Amene munachitapo zotere, mumafunsa bwanji kuti munthu wamkulu ayankhe za kumtima kwake?