Gogo amene anathawira ku Mishoni: ndiyambire pati?

Nachisale: Anzanga ofufuza mbiri, ndithandizeni. Banja lina la ku Ndirande landipatsa ntchito yofufuza za agogo aakazi a agogo awo. Akuti anagwidwa ukapolo ali mwana, kenaka anathawira ku Blantyre Mission. Akudziwa dzina la ubatizo lokha, ndiponso kuti nthawi imene Angoni anabwera kudzachita nkhondo anali atangotha msinkhu.

Mbewe: Pitani ku National Archives ku Zomba, boma linkalemba aliyense chifukwa cha msonkho.

Che Milanzi: Ayi achimwene, pang'ono chabe. Msonkho unali wa nyumba, ndipo unayamba boma la atsamunda litakhazikika mu 1891. Mtsikana wothawa sangapezekemo. Komanso mapepala ambiri a boma anapsa pa moto wa ku Zomba mu 1919.

Mayi Nachisale, gwirani mawu a Angoniwo. Angoni a Maseko anafika kuno mu 1884, ndiye ngati anali namwali nthawi imeneyo, anabadwa cha m'ma 1870. Mishoni inayamba mu 1876, choncho zaka zofufuza zachepa kale. Yambani ndi mabuku a mpingo, koma musathamangire la ubatizo. Munthu ankakhala m'kalasi zaka asanabatizidwe, ndipo nthawi imeneyo ankalembedwa ndi dzina lake lakale. Chofunika n'kupeza tsamba limene maina awiriwa akumana. Nthawi zambiri ndi buku la maukwati, kapena pa ubatizo wa mwana wake woyamba, pamene pali dzina la mwamuna. Dzina la mwamunayo ndi limene lingakuuzeni kuti mwa Amariya asanu, wanu ndi uti.

Nachisale: Dzina la mwamuna akulidziwa, koma abale awiri akulitchula mosiyana.

Che Milanzi: Lembani onse awiri. Azungu a ku Scotland ankalemba monga amvera, l ndi r ankasinthanitsa, ndiye werengani mokweza, khutu limagwira zimene diso laphonya. Zaka zakubadwa zolembedwamo musazikhulupirire, ankangoyang'ana nkhope. Onaninso Life and Work, nyuzi ya mishoni imene inayamba mu 1888, ndipo mukafunse ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala. Makalata ambiri a amishoniwo ali ku Edinburgh.

Mbewe: Ine agogo anga anali msilikali wa KAR, gulu la asilikali la nthawi ya atsamunda, nawonso ndikawapeza ku mpingo?

Aphiri: Imeneyo ndi njira ina, yambani mwapeza nambala yawo ya usilikali, mwina ili pa mendulo. Koma Mayi, vuto ndaona ine ndi lina. Mawu oti kapolo akuluakulu safuna kuwamva. Mukafunsa pagulu angoti "anabwera ndi amalume". Funsani gogo wamkazi payekha, ndipo funsani za mfunda ndi kumene ankati ndi kwawo. Ngati mfunda wake ndi wa amene anamusunga, mzere wathera pomwepo.

Che Milanzi: Osati nthawi zonse. Ena ankakumbukira dzina la mtsinje kapena phiri la kwawo.

Nachisale: Akuti ankatchula Lujenda, mtsinje wa ku Mozambique. Koma wonena zimenezi ndi mdzukulu amene anagwirako ntchito ku Mozambique, ndiye ndiyambe ndamva kwa wina amene sanapiteko.